Ganyu wa pafoni kapena ntchito ya pamwezi: yezani ndi mwezi wa njala

Masiku ano foni yayamba kuitana anthu ku ntchito. Mmisiri amalembetsa dzina lake, luso lake ndi dera limene amakhala, kenako nkudikira kuti wina amuimbire. Achinyamata ambiri akuti njira imeneyi ndi ufulu, chifukwa palibe bwana wokulamula ndipo ndalama umalandira tsiku lomwelo. Ena afika posiya ntchito ya pamwezi kuti azidalira maganyu a pafoni okha.

Maganizo anga ndi awa. Ngati pakhomo panu pali ana, okalamba kapena wodwala amene amadalira dzanja lanu, musayeze ntchito ndi mwezi umene munapeza zambiri. Iyezeni ndi mwezi umene munapeza zochepa. Kuno ku Maravia mwezi umenewo timaudziwa tonse. Ndi Januwale kapena Febuluwale, pamene nkhokwe yatsika, chimanga chakumunda sichinakhwime, ndipo sukulu ikutsegulidwa. Ntchito imene ingathe kudyetsa banja m'mwezi umenewo ndiyo iyenera kukhala mzati wa nyumba. Zina zonse ndi zowonjezera.

Kodi msika wa maganyu wa pafoni ndi chiyani?

Pa Chipwitikizi amati pulataforma. Ife tingoti msika wa maganyu wa pafoni, chifukwa umagwira ngati msika: wofuna ntchito ndi wofuna wantchito amakumana pamenepo.

Chitsanzo cha kwathu kuno ku Mozambiki ndi Biscate. Dzinali ndi mawu omwe aja timanena tsiku ndi tsiku akuti biskati, kutanthauza ganyu. Msikawu unayamba mu 2016, ndipo anauyambitsa ndi a kampani ya UX ya ku Maputo mogwirizana ndi Vodacom. Anaukonza kuti ngakhale munthu wa foni ya mabatani, yopanda intaneti, athe kulembetsa. Kalipentala, womanga nyumba, wokonza magetsi, telala kapena wophika amalemba luso lake ndi dera lake. Munthu wofuna mmisiri amapeza nambala ya foni nkuimba. Za mtengo amakambirana awiriwo. Ntchito ikatha, mwini ntchito akhoza kunena ngati mmisiriyo wagwira bwino kapena ayi, ndipo ena amaona zimenezo asanamuitane.

Palinso misika ya kunja, monga Upwork ndi Fiverr. Kumeneko amagulitsa ntchito za pa kompyuta: kumasulira mawu, kujambula zikwangwani, kukonza mabuku a ndalama. Ana athu amene amaliza sekondale amaimva kwambiri misika imeneyi. Koma imafuna intaneti yosadukaduka, magetsi, Chingerezi, ndi njira yolandirira ndalama zochokera kunja. Komanso eni msika amadula gawo lawo. Fiverr imatenga 20 pa 100 iliyonse, ndipo ndalama zotsalazo munthu watsopano amazidikira masiku 14 asanazitape. Pa Upwork munthu amafunika timatikiti, timene nthawi zambiri timachita kugula, kuti angopempha ntchito, ngakhale asaipeze.

Mfundo yaikulu ndi iyi: msika si bwana. Msika sukulonjezani kuti mawa mudzakhala ndi ntchito. Mukadwala sukupatsani kanthu. Mukagwa pamakwerero sulipira kuchipatala. Uli ngati mtengo wa pamsika pamene anthu amakhomapo zidziwitso. Mtengowo ndi wothandiza, koma palibe munthu amapita kukapempha malipiro kwa mtengo.

Zimene ntchito ya kontarakiti imabweretsa

Munthu akamva kuti ntchito ya pamwezi, amaganiza za malipiro okha. Koma pali zinthu zina zimene sizioneka m'manja tsiku lolandira, ndipo zimenezo ndi zimene zimasiyanitsa ntchito ndi ganyu.

Dziko lathu lili ndi Lamulo la Ntchito latsopano, nambala 13/2023, limene linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024. Lamuloli likuti nthawi ya ntchito ndi maola 8 pa tsiku ndi maola 48 pa sabata. Likuti wantchito ali ndi tchuthi cholipidwa, masiku 12 m'chaka choyamba ndi masiku 30 m'zaka zotsatira. Mayi akabereka ali ndi masiku 90 opuma, ndipo ntchito yake imamudikira. Ntchito ikatha chifukwa cha mavuto a kampani, osati chifukwa cha kulakwa kwa wantchito, bwana ayenera kuchenjeza nthawi ikadalipo ndi kupereka chipukuta misozi.

Palinso malipiro ochepetsetsa amene bwana saloledwa kutsika pansi pake. Boma limawalengeza chaka ndi chaka litakambirana ndi mabungwe a antchito ndi a olemba ntchito, ndipo amasiyana malinga ndi mtundu wa ntchito. Mu 2024 a ntchito za ulimi anali mametikali 6.338 pa mwezi. Pa ganyu palibe malire otere. Amisiri akachuluka pamalo amodzi, amatsitsirana mtengo okhaokha mpaka phindu litatha.

Chachikulu koposa ndi INSS, bungwe la boma losunga ndalama zoteteza antchito. Mwezi uliwonse kumapita 7 pa 100 ya malipiro anu. Inu amakudulani 3, bwana amawonjezera 4 kuchokera m'thumba mwake. Ndalama zimenezi ndi zimene zimathandiza mukadwala nthawi yaitali kapena mukalumala. Mukamwalira zimathandiza pa maliro, ndipo mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana amalandira penshoni. Mukakalamba mumalandira penshoni yanu, mayi akafika zaka 55 ndipo bambo zaka 60, ngati munasonkha miyezi 240. Miyezi 240 ndi zaka 20. Choncho chaka chilichonse chimene munthu wagwira ntchito osasonkha ndi chaka chimene chatayika pa ulendo wa zaka 20 umenewo.

Tiwerengere limodzi

Tengani kope ndi pensulo. Ziwerengero zili m'munsizi ndi chitsanzo chophunzirira basi. Mukamaliza kuwerenga, muikepo zanu zenizeni.

Tiyerekeze bambo wina wa ku Fingoe, wodziwa kumanga nyumba ndi kukhoma malata. Ali ndi mkazi, ana anayi ndi amayi ake okalamba. Ali ndi munda, koma chimanga chake sichifika chaka. Atakhala pansi ndi mkazi wake, apeza kuti zinthu zimene sizingadikire, monga ufa, chigayo, ndiwo, mchere, sopo, mankhwala ndi zofunika kusukulu, zimadya mametikali 6.000 pa mwezi. Nambala imeneyi ndiyo yoyamba kulemba. Ndi pansi pa nyumba. Mwezi umene ndalama zalephera kufika pamenepa, banja limagona ndi njala kapena limakongola.

Tsono bamboyu ali ndi njira ziwiri. Njira yoyamba, kampani ina yomanga ikufuna kumulemba ndi malipiro a 8.000 pa mwezi. Akadula 3 pa 100 ya INSS, imene ndi 240, amatenga 7.760 kupita nazo kunyumba. Amatenga zimenezi mu Julaye, amatenganso zomwezo mu Febuluwale.

Njira yachiwiri ndi maganyu, ena obwera pafoni, ena obwera pakamwa. Kuno anthu amamanga ndi kukonza nyumba akagulitsa fodya, chimanga kapena ng'ombe. Tinene kuti miyezi 6 ya chilimwe amapeza 14.000 mwezi uliwonse. Miyezi 3 ya pakatikati amapeza 8.000. Miyezi 3 ya dzinja, pamene mvula ikugwa, misewu yaonongeka ndipo aliyense ali kumunda, amapeza 4.000. Tikaphatikiza chaka chonse ndi 120.000. Tikagawa ndi miyezi 12, ndi 10.000 pa mwezi.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaimira nkunena kuti ganyu wapambana, chifukwa 10.000 ndi yoposa 7.760. Koma kuwerenga sikunathe. Waganyu amadzilipirira yekha zimene pa kampani amalipira bwana. Amalipira njinga yamoto kapena galimoto kupita kumene kuli ntchito, ndipo nthawi zina amapita kukangoona ntchito nkubwerako osagwirizana mtengo. Amagula kerediti ya foni. Sowo ikabuntha kapena chipande chikathyoka amagula china. Tinene kuti zonsezi zimadya 1.500 pa mwezi. Zatsala 8.500. Ngati akufuna kuti nayenso adzalandire penshoni, ayenera kusonkha yekha 7 pa 100 yonse ku INSS, chifukwa palibe bwana womuthandiza. Pa 8.000, imeneyo ndi 560. Zatsala 7.940.

Onani tsopano. Ganyu 7.940, ntchito ya pamwezi 7.760. Kusiyana kuja kumaoneka kwakukulu kwatsala 180 yokha. Ndipo waganyu alibe tchuthi cholipidwa. Akagona ndi malungo masabata awiri m'mwezi wabwino, wataya 7.000 ndipo palibe womubwezera.

Tsono tiyang'ane mwezi wa njala. Wapeza 4.000. Tikachotsa 1.500 ndi 560, kwatsala 1.940. Banja likufuna 6.000. Papereweratu 4.060, ndipo miyezi yotere ndi itatu yotsatizana. Dzenje lonse ndi loposa 12.000. Ngati bamboyu anasunga 12.000 m'miyezi yabwino ija, banja lioloka bwinobwino. Ngati sanasunge, agulitsa mbuzi pa mtengo wotsika, kapena apita kwa akatapila. Kumeneko munthu amatha kutenga 4.000 nkudzabweza 6.000. Phindu la chilimwe chamawa limakhala litadyedwa chilimwecho chisanafike.

Nchifukwa chake ndikuti funso lenileni si lakuti ndi njira iti imabweretsa zambiri pa chaka. Funso ndi lakuti, kodi banja lathu lingathe kusunga ndalama za Julaye mpaka Febuluwale osazikhudza? Tiyankhe moona mtima. Ndalama zikakhala m'nyumba pamagwa maliro, pamabwera mlamu ndi vuto lake, mwana amadwala. Kukana mbale wako uli nazo ndi chinthu chovuta, ndipo sindikunena kuti tiyambe kuuma mtima. Ndikungonena kuti malipiro a pamwezi amatisungira ndalama mwa njira imene ife eni timalephera. Amabwera pang'onopang'ono, mofanana ndi mmene njala imabwerera.

Msika umafuna ogula

Pali chinanso chimene tiyenera kuchiona ife a ku Maravia. Msika wa pafoni umayenda bwino pamene pali anthu ambiri osadziwana. Munthu wa mu mzinda wa Tete, Beira kapena Maputo, pompi yake ikaphulika, sadziwa mmisiri aliyense, ndiye amafunsa foni. Koma ku Fingoe, ku Malowera, ku Chiputo kapena ku Chipera, munthu akafuna womanga amafunsa mnansi wake, amafunsa kutchalitchi kapena pamsika. Aliyense amadziwa amene amamanga khoma lowongoka. Mukhoza kulembetsa dzina pafoni nkukhala miyezi osaitanidwa. Si kuti luso lanu ndi lochepa ayi, koma ogula a kuno sayang'ana kumeneko.

Ndiye munthu amati, ndipita ku Tete kapena ku Moatize kumene kuli ogula. Zoona, kumeneko ogula alipo. Koma kuwerenga kuja kumasintha. Tsopano pali lendi ya chipinda. Pali chakudya chogula tsiku lililonse. Pali ulendo wautali wobwerera kumudzi, ndiponso munda umene wasowa mwini pa nthawi yopalira. Banja limodzi layamba kuphika pa mafuwa awiri. Komanso mumzinda mukupikisana ndi amisiri amene anayamba kale, amene anthu ambiri anawayamikira kale pafoni. Wofuna mmisiri amayamba kuimbira amene ali ndi mbiri. Watsopano amadikira, kapena amatsitsa mtengo kuti apeze poyambira. Musanakwere galimoto, dzifunseni kuti miyezi yodikirayo mudzadya chiyani, nanga otsala kumudzi adzadya chiyani.

Ntchito za pa intaneti zili ndi vuto linanso. Zimaima netiweki ikaima. Kumapeto kwa 2024, chisankho chitatha, intaneti ya m'mafoni inadulidwa kapena kuchepetsedwa kwa masiku angapo m'dziko muno. Munthu wa kunja amene akudikira ntchito yake Lachisanu safuna kumva zifukwa. Amangopatsa wina, ndipo mwina amalemba kuti ndinu wosadalirika. Kuno kwathu sitichita kudikira chisankho kuti netiweki isowe. Mvula yamphamvu kapena kuzima kwa magetsi ndi zokwanira.

Mawu a amene sagwirizana nane

Wina anena kuti, aphunzitsi, mukukamba ngati ntchito za pamwezi zili mbwee. Kuno zili kuti? Funsoli ndi lachilungamo. M'boma lathu anthu olandira pamwezi ndi ochepa: aphunzitsi, anamwino, apolisi, a m'maofesi a boma, ndi ena ochepa a m'masitolo ndi m'makampani ogula mbewu. Ambiri a ife timadalira munda, ng'ombe, nsomba za m'nyanja ya Cahora Bassa, kapena geni ya kumalire ndi Zambia. Kwa munthu amene alibe ntchito, kulembetsa pa msika wa pafoni sikumulanda kanthu. Ndi khomo lina lowonjezera, ndipo ndikuti alitsegule. Amene ndikuwachenjeza ndi awo ali ndi ntchito m'manja, kapena awalonjeza ntchito yeniyeni, koma akufuna kuitaya chifukwa mnzawo anawaonetsa ndalama za mwezi umodzi wabwino. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Wina anena kuti ntchito ya pamwezi nayonso imatha. Zoonadi. Ngakhale makampani aakulu amasintha. Migodi ya malasha ya ku Moatize inali m'manja mwa Vale, ndipo mu 2022 inapita m'manja mwa Vulcan. Kampani yomanga msewu kapena sukulu imanyamuka ntchito ikatha. Koma pali kusiyana. Ntchito ya kontarakiti ikamatha mumadziwiratu, ndipo miyezi imene munasonkha ku INSS imakhalabe pa dzina lanu. Ganyu samatsanzika. Foni imangosiya kulira.

Winanso anena kuti mmisiri waluso amapeza zambiri payekha kuposa pa kampani. Izinso ndi zoona kwa ena. Munthu amene ali ndi zida zake zonse, amene anthu amamudziwa mpaka kumidzi yakutali, amene ali ndi ndalama zosunga, akhoza kukula payekha mpaka kulemba anzake ntchito. Palinso amayi amene sangathe kusiya ana maola 8 tsiku lililonse, ndipo kusoka kapena kuluka tsitsi pa nthawi yawo kumawayenera bwino. Sindikutsutsa zimenezi. Koma onani kuti anthu otere ali ndi chinthu chimene chimawagwira m'mwezi woipa: nkhokwe, ziweto, ndalama zosunga, kapena wina pakhomo wolandira pamwezi. Mzati ulipo, kungoti suoneka kwa odutsa m'njira.

Si ntchito iliyonse ya pamwezi imene ili yeniyeni

Zonse ndanena zokomera ntchito ya pamwezi zimagwira ngati ntchitoyo ikutsata lamulo. Pali ntchito zina zimene zimangotchedwa za pamwezi, koma malipiro amabwera mwezi uno, mwezi wamawa ayi, ndipo palibe pepala lililonse. Ntchito yotere ndi ganyu amene wakulandani ufulu wofuna maganyu ena. Mungaizindikire ndi zinthu zitatu.

Choyamba ndi pepala. Pemphani kontarakiti yolembedwa, ndipo kope imodzi ikhale yanu. Musasaine musanaimve. Ngati Chipwitikizi chake ndi chovuta, pitani nayo kwa mphunzitsi wanu wa sukulu ya kwacha kapena kwa munthu wina amene mumamukhulupirira. Muyang'anemo dzina la bwana kapena kampani, ntchito imene muzigwira, malo ake, malipiro, ndi tsiku loyamba. Muonenso ngati muli tsiku lothera. Kontarakiti yokhala ndi tsiku lothera siyenera kupitirira zaka 2 pa ulendo umodzi, ngakhale ikhoza kuwonjezeredwa. Yopanda tsiku lothera ndiyo timaitcha ntchito yokhazikika. Dziwaninso kuti bwana akapanda kukupatsani pepala, ufulu wanu sunathe. Lamulo limaika mlanduwo pa iye. Kungoti popanda pepala kupereka umboni kumavuta, choncho sungani mauthenga a pafoni ndi chilichonse chosonyeza kuti munalipidwa.

Chachiwiri ndi INSS. Bwana akamadula 3 pa 100, funsani nambala yanu ya INSS. Pakapita miyezi itatu, kafunseni ku ofesi ya INSS ngati ndalama zikufika pa dzina lanu. Amene ali ndi foni ya intaneti akhoza kuona okha pa M-Contribuição. Alipo olemba ntchito amene amadula koma osapereka, ndipo wantchito amadzazindikira tsiku limene wadwala kapena wakalamba. Mukapeza zotere, malo okadandaula ndi kwa oyendera ntchito a boma, amene ali ndi ofesi ku Tete.

Chachitatu ndi tsiku la malipiro. Musanavomere, funsani amene akugwira kale pamenepo kuti miyezi 6 yapitayi analandira liti. Musafunse kapitawo. Funsani mlonda kapena wosesa. Ngati malipiro amachedwa miyezi iwiri kawirikawiri, ntchitoyo singakhale mzati, ngakhale nambala ya pa pepala ikhale yaikulu.

Ngati mwasankha maganyu, khalani bwana wa inu nokha

Amene alibe ntchito ya pamwezi, kapena amene awerenga bwino nkuona kuti ganyu akuwayenera, ayenera kudzichitira okha zimene bwana wabwino akanawachitira.

Dzilipireni pamwezi. M'miyezi yabwino, tengani ndalama ya pansi pa nyumba ija yokha, monga 6.000 ya m'chitsanzo chathu, ndipo zotsala muziike pamalo ovuta kuzifikira msanga. Mukhoza kuziika ku gulu losunga ndi kubwereketsa la m'mudzi, kapena pa nambala ina ya M-Pesa kapena e-Mola imene simuyenda nayo. Njira ina yabwino kwa ife ndi kugula chimanga nthawi yokolola, pamene mtengo uli pansi, nkuchithira mankhwala. Thumba la chimanga silitha msanga ngati ndalama ya m'thumba la malaya. Mulingo wake ndi dzenje lija tinawerenga: musanagule wailesi kapena foni yatsopano, dzenje la miyezi itatu ya dzinja likhale litakwiriridwa.

Lembetsani ku INSS ngati munthu wodzigwirira ntchito yekha. Lamulo limalola alimi, amisiri ndi ochita geni kutero. Mumapita ndi chiphaso chanu ndi NUIT, ndipo mumasonkha 7 pa 100 ya ndalama imene mwanena kuti mumapeza. Kusonkhako kumatheka ngakhale pafoni, osachita kukwera galimoto mwezi uliwonse. Ngati munagwirapo ntchito pa kampani kale, miyezi yakale ija imaphatikizidwa ndi yatsopano.

Lembani mgwirizano wa ganyu aliyense, ngakhale ndi mizere itatu m'kope: ntchito yake, mtengo wake, ndi tsiku lolipira. Nonse awiri musaine. Pa ntchito yofuna zipangizo, mwini ntchito agule yekha simenti ndi misomali, kapena apereke ndalama yake poyamba. Musagule ndi ndalama ya ufa wa ana. Pa ntchito yaitali, gwirizanani kulipidwa m'magawo: maziko akatha, khoma likafika pa mawindo, denga likakhomedwa. Mukatero, munthu akakana kulipira, mwataya gawo limodzi osati mwezi wonse. Apa ndi pamene kulemba ndi kuwerengera kumene tikuphunzira kumasanduka ndalama.

Chenjeraninso ndi mbava zobisala m'dzina la ntchito. Uthenga ukabwera wakuti tumizani ndalama kuti tikulembeni, kapena wakuti ikani 500 lero mudzalandire 5.000 sabata yamawa pongodina zithunzi, imeneyo si ntchito. Wolemba ntchito weniweni amalipira inu. Ndipo nambala yachinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola musapatse munthu aliyense, ngakhale atanena kuti ndi wa ku kampani.

Banja liganize ngati banja

Nkhaniyi si ya munthu mmodzi. Pakhomo pakakhala akulu awiri kapena atatu, si bwino kuti onse adalire ndalama za mtundu umodzi. Mmodzi akhale ndi ndalama yodziwika tsiku lake, ngakhale ikhale yochepa. Winayo akhoza kuyesa maganyu a pafoni, geni kapena ulendo wa ku Tete, chifukwa akabwerako chimanjamanja mphika uphikabe. Amene ali pa ntchito akhozanso kugwira maganyu pa masiku opuma kuti aone ngati ogula alipodi, bola asagwiritse zida za bwana kapena kumulanda makasitomala, chifukwa zimenezo zikhoza kumuchotsetsa ntchito.

Ndipo amene akufunitsitsa kusiya ntchito kuti aime payekha, ayambe walemba m'kope ndalama zonse za maganyu ake kwa chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe chomwe. Miyezi itatu ya pambuyo pa msika wa fodya imanamiza. Chaka chikatha, ayang'ane mwezi wotsikitsitsa, achotsepo zoyendera, zida ndi INSS. Ngati zotsalazo, pamodzi ndi zimene wasunga, zikufika pa ndalama ya pansi pa nyumba, akhoza kupita kukatsanzika kwa bwana ndi mtima wokhazikika. Ngati sizikufika, asunge ntchito yake ndipo foni ikhale yothandizira.

Sabata ino, bambo ndi mayi akhale pansi ndi kope. Alembe nambala ziwiri zokha: zimene banja limafuna pa mwezi kuti lisagone ndi njala, ndi zimene analandira mu Febuluwale wapitayu. Mubwere nazo ku kalasi, tidzawerengere limodzi.